Kutumiza mwana kumudzi kuti akalembe sitandade 8: nkhani ya zaka ndi mwezi wofikira

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Mnyamata wanga anabadwira konkuno, wakwanitsa zaka 14 mu Malichi, ali giredi 7 chifukwa anabwereza giredi 4. Ndikufuna ndimutumize kwa agogo ake ku Balaka mu Disembala, akalowe sitandade 8 mu Januwale, alembe mayeso, mwina n'kusankhidwira ku sekondale yogonera. Anzanga kutchalitchi akuti wakula, a Maneb salola wopitirira zaka 14, ndiye ndimuchotsereko zaka ziwiri polembetsa. Kodi n'zoona? Nanga pakufunika chiyani?

Yankho: Mayi, zaka za mwanayo musazigwire, zisiyeni momwe zilili pa kalata yake yobadwira. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi Januwaleyo, ndipo ndichedwapo. Koma tiyambe tachotsa mantha a 14, poti ndi amene akukusowetsani tulo.

Nambala imeneyi anthu sanaitole m'malere. Kwathu mwana amayenera kuyamba sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo pulayimale ndi ya zaka 8. Amene sanabwerezepo kalasi amakhala pa mayeso ali ndi zaka 13 kapena 14. Imeneyo ndi samu ya mwana amene zonse zamuyendera bwino, koma anthu ena anaisandutsa mpanda. Ine ndaphunzitsa sitandade 8 zaka zambiri ndisanapume n'kubwera kuno kudzakhala ndi ana, ndipo kalasi ya ana a zaka 14 okhaokha sindinaionepo. Mumakhala kamtsikana ka zaka 12 kokhala kutsogolo, kumbuyo kuli anyamata a zaka 17 omera kale ndevu, ena anayamba sukulu mochedwa, ena anabwereza kawiri, ena anayamba apita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya n'kubwerera. Onsewo tinkawalembetsa, ndipo a zaka 16 ndawaonapo akusankhidwa. Chichokereni 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, makalasi athu akhala osakanikirana chotere. Lamulo la maphunziro la 2013 limanena kuti pulayimale ndi yokakamiza kwa mwana aliyense amene sanafike zaka 18, ndiye simungati wa zaka 14 wakulira sukulu imene lamulo likumukakamiza kupitako. Ngakhale akaidi, anthu akuluakulu a ana awo, amalemba mayeso a Maneb ali m'ndende.

Nanga bwanji nkhani yochotsa zaka imamvekabe? Ndi chizolowezi chakale. M'masiku amene malo a ku sekondale anali ochepetsetsa, ana ankabwereza sitandade 8 katatu, kanayi, ndipo pofuna kuoneka ngati akulemba koyamba ankasintha dzina, kubwereka la mng'ono wawo, n'kudulako zaka. Muli akuluakulu ambiri kuno ku Joni amene dzina la pa satifiketi si limene amaitanidwa nalo kumudzi. Nthawi imeneyo zinkatheka chifukwa panalibe pepala lina lotsutsa. Mwana wanu mapepala ali nawo kale: kalata yobadwira, khadi la kusikelo, malipoti a sukulu, onse akunena tsiku limodzi. Mukalembetsa tsiku lina ku Maneb, akadzakwana zaka 16 n'kupita ku NRB kukatenga chiphaso cha unzika padzakhala masiku awiri obadwa a munthu mmodzi. Pasipoti idzanena china, zolembedwa ku sukulu china. Zoterezi sizipweteka lero, zimadzapweteka ali ndi zaka 20, akufunsira malo ku koleji kapena akufuna kuti satifiketi yake ivomerezedwe kunja, ndipo kukonza pepala la mayeso litatuluka kale ndi ulendo wautali wa makalata ndi malumbiro. Mudzakhala mwamugulira vuto pothawa lamulo loti kulibe.

Tsopano ku nkhani yeniyeni. Sukulu za kuno zimatsegula mu Januwale n'kutseka mu Disembala, materemu anayi. Za kwathu zimatsegula mu Sepitembala n'kutseka mu Julayi, materemu atatu. Mayeso a sitandade 8, amene dzina lake ndi PSLCE, zaka zaposachedwapa akhala akulembedwa cha mu Meyi, masiku atatu. Koma mwana salembetsa mu Meyi. Kalembera amachitika teremu yoyamba, miyezi ya kumapeto kwa chaka, pamene inu mudzakhala mukumugulira mwana chikwama cha ulendo. Mphunzitsi wamkulu amalemba mayina a ana ake onse a sitandade 8, amawajambula zithunzi, zonse zimalowa m'makina a Maneb, ndipo pa mndandanda umenewo ndi pamene pamachokera nambala ya mayeso ya mwana aliyense, chitupa chokhala ndi chithunzi chimene amalowera nacho m'chipinda cha mayeso, ndi chiwerengero cha mapepala otumizidwa ku senta imeneyo. Tsiku lotsekera limalengezedwa chaka ndi chaka, nthawi zina amawonjezerako masabata, koma munthu sangamange ulendo wa mwana pa chiyembekezo choti mwina awonjezera.

Ndiye taganizani. Mnyamata watsika basi ku Balaka Khirisimasi itayandikira. Mu Januwale agogo amutengera ku sukulu, aphunzitsi amulandira bwino, amukhazika mu sitandade 8. Akuphunzira, akulemba moko ndi anzake, aliyense kunyumba akudziwa kuti mwana ali mu eyiti. Kufika mu Epulo zitupa zabwera, lake palibe. Ndinazionapo zimenezi ndi mtsikana wina wochokera ku Bulawayo, pa sukulu ina imene sinditchula. Amalume ake anapatsa munthu wina ndalama yoti "akonze", munthuyo n'kumangoti zili m'njira. Mwana anazindikira sabata yomaliza kuti alibe nambala. Analira tsiku lonse, ndipo chaka chinapita. Chizindikiro choti mwana walembetsedwa si mawu a munthu ayi. Ndi dzina lake pa mndandanda wosindikizidwa umene umabwera ku sukulu kuti ana aone ngati mayina awo alembedwa bwino. Amene akumusunga mwana akaone ndi maso, aujambule, akutumizireni pa foni. Muone kalembedwe ka dzina chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa, ndiponso ngati alembedwa kuti ndi mnyamata. Zomalizazi musaseke, zimalakwika, ndipo mnyamata akhoza kupezeka wasankhidwira ku sukulu ya atsikana.

Choncho njira ya Januwale kulowa sitandade 8 n'kulemba chaka chomwecho ichotseni m'mutu. Zotsala ndi zitatu, ndipo ndiziwerengera pa zaka za mwana wanu.

Yoyamba ndi kumuchotsa kuno giredi 7 isanathe, anyamuke mu Ogasiti, akayambe sitandade 8 tsiku lotsegulira mu Sepitembala. Kalembera adzamupeza ali m'kalasi. Adzalemba mu Meyi ali ndi zaka 15, fomu 1 adzayamba mu Sepitembala ali ndi zaka zomwezo, ndipo MSCE, mayeso a fomu 4, adzalemba ali ndi 19. Pa zaka njirayi ndi yokongola, sataya kanthu. Koma ili ndi minga iwiri. Akuchoka kuno opanda lipoti lomaliza la giredi 7, ndiye zikakavuta kumudzi mukafuna kumubweza, sukulu ya kuno ikhoza kumubwezera mu giredi 7 momwemo. Munga winawo ndi woti adzakhala ndi miyezi 8 yokha yoti aphunzire zimene anzake akhala akuziphunzira kuyambira sitandade 5.

Yachiwiri ndi kumusiya amalize giredi 7, atenge lipoti lake, apite mu Disembala monga munakonzera, koma mu Januwale akalowe sitandade 7. Aphunzire materemu awiri, akhoze mayeso a sukulu mu Julayi, alowe sitandade 8 mu Sepitembala pamodzi ndi anzake amene wawazolowera. PSLCE adzalemba ali ndi zaka 16, MSCE ali ndi 20. Chaka chimodzi chapita poyerekeza ndi njira yoyamba ija, ndipo mnyamata wa msinkhu umenewu zimamuwawa kumva kuti wabwezedwa, makamaka woti anabwerezapo kale.

Yachitatu ndi kukhala konkuno. Giredi 8 ali ndi zaka 15, matiriki ali ndi 19. Ndibwererako kumapeto.

Mukandifunsa ine, ngati mwatsimikiza mtima kuti apite ndipo cholinga ndi kusankhidwa, ndingasankhe yachiwiri. Chifukwa chake chili m'mapepala a mayesowo. Alipo 6: Chingerezi, Chichewa, masamu, sayansi, za chikhalidwe ndi chipembedzo, ndi la zaluso ndi maluso a moyo. Onse amafunsidwa m'Chingerezi kupatula la Chichewa. Mwana wa ku Joni pa Chingerezi nthawi zambiri amawasiya anzake kutali, ndipo makolo akamva akuyankhula amati basi wakhoza kale. Masamu nawo sasiyana kwenikweni, kungosintha randi kukhala kwacha. Koma tsegulani pepala la sayansi: mkati mwake muli ulimi. Kutalikana kwa mizere ya chimanga, kupanga manyowa, matenda a nkhuku, kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Mwana wa ku Balaka zina mwa izi amazidziwa ndi manja ake, wanu khasu analiona patchuthi. Pepala la za chikhalidwe likufuna adziwe za ufumu wa Amaravi, za John Chilembwe ndi 1915, kuti ufulu tinalandira pa 6 Julayi 1964, kumene mtsinje wa Shire ukuchokera ndi kumene ukuthera, maboma ndi zigawo za dziko. Iye m'mutu mwake muli zigawo 9 za dziko lino ndi mbiri ya Mandela. Si kuti ndi wofooka, anaphunzitsidwa za kwina.

Ndiye pali Chichewa, chimene makolo ambiri amachiderera. "Amayankhula bwinobwino, kunyumba timayankhula Chichewa." Chichewa chotumana madzi ndi mchere n'chosiyana ndi cha pepala. Pa mayeso adzafunsidwa magulu a mayina, adzauzidwa kuti atchule mtundu wa mawu otsekedwa mzere kunsi, kaya ndi mneni, mfotokozi kapena muonjezi, adzapatsidwa mwambi kapena chining'a kuti amasulire, adzalemba kalata kapena chimangirizo motsata malamulo a kalembedwe. Ana obadwira kuno ambiri sanalembepo chiganizo chimodzi cha Chichewa, ndipo akayesa amalowetsamo kalembedwe ka Chizulu chimene anaphunzira kusukulu. Muyeseni nokha Lamlungu likubwerali. Mupatseni Baibulo kapena buku la nyimbo la Chichewa awerenge mokweza ndime imodzi, kenako akuuzeni zimene wamva. Muuzeni alembe kalata ya tsamba limodzi yopita kwa agogo ake, osamuthandiza. Mufunseni kuti kutsina khutu n'kutani, ndipo "tsobola wakale sawawa" akutanthauza chiyani. Akawerenga mosadodoma, kalata n'kumveka, njira ya Ogasiti ija mukhoza kuiganizira. Akamagwira chilembo chimodzichimodzi ngati wa sitandade 2, musamuponye m'mayeso a miyezi 8.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri. Mayeso amakonza ndi kuchonga ndi a Maneb, ku Zomba. Kugawa ana m'sukulu za sekondale ndi ntchito ya unduna wa zamaphunziro, potengera malikisi amene a Maneb apereka. Okhoza amakhala ambiri, malo a fomu 1 m'sukulu za boma ndi ochepa, moti zaka zambiri osankhidwa safika ndi theka lomwe la okhoza. Zotsatira zikafika pa sukulu, ana amagawika patatu: olephera, okhoza koma osasankhidwa, ndi osankhidwa. Gulu lapakatilo ndi lalikulu, ndipo ndi kumene mwana wanzeru wofooka pa mapepala atatu amagwera kawirikawiri. Chingerezi chokha, kaya achikhoze bwanji, sichinganyamule Chichewa, ulimi ndi mbiri ya dziko pa mpikisano wa malikisi ophatikiza.

Sukuluzo nazo zili m'magulu. Pamwamba pali za dziko lonse, zotenga ana ochita bwino kwambiri kuchokera m'maboma onse: za boma monga Dedza, Blantyre, Mzuzu ndi Lilongwe Girls, ndi za mipingo zothandizidwa ndi boma monga Zomba Catholic, Likuni, Marymount ndi Chaminade. Kenako pali zogonera za m'boma lililonse, zimene zimatenga ana olembera m'boma lomwelo. Kenako zoyendera, ndipo zochuluka mwa izo ndi ma CDSS, amene kale anali ma MCDE asanasinthidwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ana ambiri osankhidwa amapita ku CDSS. Mwanena za sekondale yogonera, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake: agogo akula, ndipo mnyamata wa zaka 16 woyendera amafuna diso. Koma ndikunena mosabisa, malo ogonera ndi a ana a pamwamba penipeni m'boma lonse. Konzekerani mtima ndi thumba ngati kuti adzapita ku yoyendera, yogonera ikabwera idzakhale mphatso.

Apa pali kanthu kamene anthu a kuno amakaiwala. CDSS iliyonse imatenga ana kuchokera ku sukulu za pulayimale zoizungulira, chifukwa mwana ayenera kuyenda wapansi kapena pa njinga. Ndiye sukulu imene mwana walembera mayeso ndi imene imalozera kumene angasankhidwire. Ndaonapo makolo akutumiza mwana kwa azakhali ake ku Ndirande kuti akalembere m'tauni poti "kumaphunzitsidwa bwino", chonsecho adzakhala ndi agogo kumudzi. Mwana wasankhidwira sukulu yoyendera ya ku Blantyre, azakhali aja asamuka, ndiye yambani kuyenda m'maofesi kupempha tiransifa, imene imadalira kuti kumene mukufunako kuli malo. Mulembetseni kumene adzakhale zaka zinayi zotsatira. Musanasankhe sukulu ya pulayimale, afunseni aphunzitsi aakulu mafunso awiri: chaka chatha analemba angati ndipo anasankhidwa angati, komanso ana a pano amapita ku sekondale ziti. Mphunzitsi wamkulu aliyense manambala amenewa ali nawo, ambiri amachita kuwamata pakhoma la ofesi. Ngati kufupi ndi agogo kuli sukulu ziwiri, mayankho amenewo ndiwo akusankhireni.

Wina akakuuzani kuti mwana angokhala pakhomo kapena pa ticha wa pateni n'kudzalemba ngati wapadera, musavomere. Mwana wofuna kusankhidwa akhale wa pa sukulu, wolembedwa m'kaundula, wodziwika ndi aphunzitsi ake.

Za mapepala sindichedwapo, si zambiri. Ku sukulu ya kuno mukatenge kalata ya tiransifa ndi lipoti lomaliza, ndipo ngati malipoti a giredi 5 ndi 6 mukadali nawo, aikeni m'chikwama chomwecho. Mphunzitsi wamkulu wa ku Balaka sadziwa kuti giredi 7 ya ku Gauteng ikufanana ndi chiyani, ndiye adzayang'ana malipotiwo, mwinanso adzamupatsa mwana kamayeso kuti aone kalasi yomuyenera. Musakwiye nazo, ndi zothandiza mwana. Pakakhala kukayika, nkhani imapita kwa mlangizi wa sukulu za m'deralo, amene timangoti a PEA, ndipo ofesi yawo imakhala pa TDC, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi a m'deralo. Kalata yobadwira apite ndi kope lodindidwa, yeniyeni isungidwe malo abwino. Dzina lolembetsa ku sukulu likhale lomwelo la pa kalata yobadwira, ndondomeko yake yomweyo. Ichi chiwuzeni agogo momveka, chifukwa kumudzi mwana akafika amapatsidwa dzina la malemu agogo ake aamuna, kapena amalembedwa ndi mfunda wa kuchikazi poti ndi umene ukudziwika pamudzipo, ndipo dzina lolowa m'kaundula wa sukulu ndi lomwe limakathera pa satifiketi.

Poti anabadwira kuno kwa makolo a ku Malawi, za pasipoti kapena chikalata choyendera mukayambire ku ofesi ya kazembe wathu konkuno ku Johannesburg kapena ku Pretoria, ndipo muyambe msanga, osadikira Novembala. Ngati simupita naye nokha, wopita nayeyo akhale ndi kalata yanu yovomereza yodindidwa ndi kope la pasipoti yanu. Njira ya basi imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, zipata za mayiko anayi, ndipo mwana woyenda ndi munthu amene si kholo lake amafunsidwa. Zomupereka kwa kondakitala kuti "adutsa naye" ine sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono.

Nkhani ya ndalama za mayeso ndi za chitupa imasintha ndi nthawi. Ngati chaka chimenecho pali yoti ilipiridwe, funsani aphunzitsi aakulu njira yovomerezeka, ndipo uthenga kapena lisiti yotsimikiza kuti yalowa isungidwe. Ndalama yotumizidwa kuchokera ku Joni imadutsa m'manja ambiri, ndipo mwezi wa kalembera ndi womwewo wogula feteleza.

Zotsatira zimatuluka chaka chatsopano cha sukulu chisanayambe. Akasankhidwa, akafike pa sukulupo masiku otsegulira, chifukwa malo a mwana wosabwera amapatsidwa kwa wina pa chisankho chachiwiri. Musati abwere kaye kuno adzapume mpaka Okutobala. Akakhoza osasankhidwa, dikirani kaye chisankho chachiwiricho, kenako pali sekondale za openi, zimene zimaphunzitsa masana m'makalasi a sukulu za boma ana osankhidwa akaweruka, ndiponso za pulayiveti. Kubwereza sitandade 8 kuliponso, koma kwa mnyamata wa zaka 16 amene wabwerera kale kawiri, ine sindingalangize. Zaka zikamapweteka zimapwetekera apa, mu mtima wa mwana, akaona anzake a msinkhu wake ali fomu 2 iye akadali pa benchi ya pulayimale. Anyamata ambiri amene ndinawataya anasiya sukulu pa nthawi yotereyi, ndipo angapo ndakumana nawo konkuno akugulitsa m'misewu.

Ena adzakuuzani kuti mudumphe zonsezi, mumulowetse fomu 1 pa sukulu ya pulayiveti ndi lipoti la giredi 7. Sukulu zina zimalandira, zili ndi mayeso awoawo olowera. Koma kumbukirani kuti pulayimale ya kuno ndi zaka 7, ya kwathu 8, ndiye akudumpha kalasi yathunthu, komanso adzakhala alibe satifiketi ya PSLCE. Musanalipire kalikonse, eni sukuluyo akuuzeni, makamaka polemba, mmene adzamulembetsere mayeso a JCE a fomu 2 alibe satifiketi imeneyo. Akayamba kuzungulira poyankha, nyamukani.

Tibwerere ku njira yachitatu ija, chifukwa ngakhale mutatsimikiza zomutumiza pali chinthu choti muchite kuno miyezi ino. Dziko lino lilibe mayeso a boma a kumapeto kwa pulayimale. Mwana amachoka giredi 7 kupita giredi 8 ndi lipoti la sukulu yake, ndipo zofunika kwambiri ndi kupeza 50 pa 100 pa chiyankhulo choyamba, 40 pa chiyankhulo chachiwiri ndi 40 pa masamu, kuphatikiza kukhoza maphunziro enawo. Pa zaka, muyezo wa kuno ndi nambala ya giredi kuwonjezera 6, ndiye wa giredi 8 amayembekezeka kukhala wa zaka 14. Wanu adzakhala ndi 15, wapitirira ndi chaka chimodzi chokha, zimene n'zachizolowezi kwa mwana amene anabwerezapo kamodzi. Malo a giredi 8 m'sukulu za boma za ku Gauteng amafunsiridwa pa intaneti, pa www.gdeadmissions.gov.za, chapakati pa chaka, ndipo zenera lake limakhala la masabata ochepa. Mumasankha sukulu zitatu mpaka zisanu, ndipo chimene chimalemera kwambiri ndi kuyandikira kwa sukulu ndi kumene mukukhala, n'chifukwa chake amafuna umboni wa adiresi, pamodzi ndi chiphaso cha kholo, kalata yobadwira ya mwana ndi lipoti la giredi 7 laposachedwa. Kwa ife okhala m'zipinda za lendi ndi m'nyumba za mabwana, umboni wa adiresi ndi umene umavuta, ndiye kambiranani ndi eni nyumba kapena abwana anu nthawi ikadalipo.

Ngati chimene chikukuthamangitsani ndi mapepala, dziwani kuti mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi wa dziko lino kaya ndi wobwera, ndipo mu 2020 unduna wa zamaphunziro wa kuno unalembera zigawo zonse kuti zitsatire chigamulocho. Sindikuti pa geti pa sukulu iliyonse mudzalandiridwa ndi manja awiri, mukudziwa nokha mmene zimakhalira. Koma lamulo lili kumbali ya mwana, ndipo mukakanizidwa mukhoza kukadandaula ku ofesi ya maphunziro ya dera lanu.

Ndiye funsirani malo a giredi 8 ngakhale mukuganiza zomutumiza. Sizilipiritsa, ndipo malo mukapatsidwa mukhoza kuwasiya. Mukapanda kufunsira, n'kupezeka kuti mu Disembala pasipoti sinatuluke kapena agogo adwala, mudzakhala m'gulu la makolo oima pa mzere ku ofesi ya maphunziro mu Januwale, kulandira sukulu iliyonse yotsala ngakhale ili kutali matakisi awiri.

Sabata ino yambani ndi foni. Mupeze nambala ya aphunzitsi aakulu a sukulu ya kufupi ndi agogo, muwaimbire nokha, osadzera mwa achibale. Muwauze zaka zenizeni za mwana, kuti ali giredi 7 ndipo Chichewa sanaphunzirepo m'kalasi. Muwafunse tsiku lotsegulira mu Sepitembala, nthawi imene kalembera wa sitandade 8 amatsekedwa, ndiponso ngati angamulandire mu sitandade 7 mu Januwale. Muwapemphenso kuti akuthandizeni kupeza mabuku a Chichewa a sitandade 5, 6 ndi 7 ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Wina wobwera pa basi akutengereni, mnyamatayo ayambe kuwerenga tsamba limodzi madzulo aliwonse, mokweza, inu mukumva pamene mukuphika.